Zithunzi za m'siginecha ya imelo zikusanduka mtanda wofiira, kwina zikufika ngati maatachimenti

Mayi Nabanda

Ndikupempha nzeru kwa amene munakumanapo ndi vuto ili. Ku ofesi kwathu tinagwirizana kuti aliyense akhale ndi siginecha yofanana pansi pa imelo, yokhala ndi dzina, udindo, nambala ya foni, chizindikiro cha kampani, ndi tizithunzi titatu tolozera ku masamba athu a pa intaneti. Tonse timagwiritsa ntchito Outlook ya pa makompyuta a Windows. Tikamalemberana tokhatokha zonse zimaoneka bwino, ndipo ndikatsegula foda ya makalata amene ndatumiza ndimapeza chizindikirocho chili m'malo mwake. Koma kasitomala wina wanditumizira chithunzi cha sikirini yake, ndipo pamene payenera kukhala chizindikiro pali kabokosi kopanda kanthu kokhala ndi kamtanda kofiira pakona.

Chimene chandisokoneza kwambiri n'chakuti mnzanga wa m'chipinda chimodzi ali ndi dandaulo lina. Anthu amene iye amawalembera zithunzi zimawafika, koma ena mwa iwo amaziona ngati maatachimenti anayi, kuyambira `image001.png` mpaka `image004.png`, moti wina anayimba foni kufunsa kuti mwa mafayilo anayiwo invoisi yake ndi iti. Kodi zingatheke bwanji kuti siginecha yooneka mofanana ibweretse mavuto awiri osiyana chonchi, ndipo tiyambire pati kukonza?

Bambo Gama

Mayi, vuto limeneli si lanu, ndi la wolandirayo. Outlook imakana kukopera zithunzi za pa intaneti pokhapokha mwini wake atavomereza, chifukwa otumiza makalata achabechabe amagwiritsa ntchito zithunzi kuti adziwe amene watsegula kalata yawo. Muuzeni kasitomalayo kuti adine pamwamba pa kalatayo pamene pali chenjezo, asankhe `Download Pictures`, kapena aike adiresi yanu pa mndandanda wa `Safe Senders`. Akatero kamtandako kachoka. Inuyo kumbali yanu palibe chimene mungasinthe.

Bambo Tembo

Ineyo siginecha yanga ndinailemba papepala loyera, n'kuijambula, kenako ndimaiika pa chikalata ndisanachisandutse PDF. Chiyambire kutero palibe amene anadandaulapo kuti yasowa kapena yasuntha. Mwina mayi ayese njira imeneyi, chifukwa zimene zili mu PDF zimaoneka chimodzimodzi kulikonse.

Mayi Nabanda

Zikomo bambo Tembo, koma sindikunena za kusayina chikalata ndi dzanja. Ndikunena za mawu ndi zithunzi zimene pulogalamu ya imelo imaika yokha kumapeto kwa kalata iliyonse.

Bambo Gama, ndinayamba ndi maganizo omwewo, ndipo kasitomalayo anachita zonse ziwiri zimene mwatchulazo koma palibe chinasintha. Ndayang'anitsitsanso chithunzi cha sikirini chimene ananditumizira, ndipo pafupi ndi kamtandako pali mawu ang'onoang'ono akuti `The linked image cannot be displayed. The file may have been moved, renamed, or deleted.` Sindikudziwa ngati mawu amenewa ali ndi tanthauzo lapadera.

Bambo Mbewe

Ali nalo tanthauzo mayi, ndipo mwachita bwino kuwakopera monga alili. Outlook imaonetsa kamtanda kofiira komweko pa zifukwa ziwiri zosiyana, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi mawu a pambali pake. Pamene yangoletsa chithunzi pofuna kuteteza wolandira, monga akunenera bambo Gama, mawu ake amanena kuti `Outlook prevented automatic download of this picture from the Internet`, ndipo munthu akavomereza chithunzicho chimabwera. Mawu amene inu mwaona akutanthauza kuti pulogalamuyo inayesa kukatenga chithunzi pamene kalata yanu inailozera, koma sinachipeze. Pamenepo wolandira angadine mpaka dzuwa kulowa, chithunzi sichibwera.

Kuti zimveke, tiyenera kudziwa kuti mkati mwa mawu a imelo mulibe chithunzi. Kalatayo imalembedwa mu HTML, ndipo pamene pakuoneka chithunzi pamangokhala kamzere konena kumene chithunzicho chili. Njira zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuika chithunzicho mu envelopu limodzi ndi kalata, n'kulemba kuti "onani chithunzi chimene chili momwemu". Yachiwiri ndi kusiya chithunzicho kwina, n'kungolemba adiresi ya kumene wolandira akachione. Njira yachiwiri ikalephera pamabwera kamtanda kofiira, chifukwa adiresi ilipo koma chithunzi palibe. Njira yoyamba ikalephera, kawirikawiri pamabwera maatachimenti ongolendewera, chifukwa chithunzi chilipo koma chalekana ndi malo ake. Ndikuganiza kuti inuyo muli pa njira yachiwiri ndipo mnzanuyo ali pa yoyamba, ngakhale kuti masiginecha anu amaoneka mofanana pa sikirini.

Tisangoganizira, tione. Foda ya makalata otumizidwa musaikhulupirire pa nkhani iyi, chifukwa kompyuta yanu imatha kufika pa mafayilo amene anthu ena sangafikepo. Tumizani kalata ku adiresi yanu ya Gmail, mnzanuyo atumizenso yake komweko, kenako mutsegule iliyonse pa kompyuta, mudine timadontho titatu ta pakona ya kalatayo, musankhe `Show original`. Fufuzani mawu akuti `src=`. Mwina mupeza alembedwa `src=3D"`, musadabwe, `3D` imeneyo ndi mmene chizindikiro cha `=` chimalembedwera kalata ikamayenda. Ngati mutapeza zilembo zosawerengeka zokhazokha, tsegulani kalata yomweyo mu Outlook, mudine kumanja pa mawu ake, musankhe `View Source`. Mutiuze zimene zalembedwa pambuyo pa `src=` m'makalata onse awiri.

Mayi Nabanda

Ndachita monga mwanenera bambo Mbewe. Dzina la seva yathu ndalisintha, koma zina zonse zili monga ndazipezera. M'kalata yanga muli izi:

```
<img src="file:///\\seva1\Zogawana\Siginecha\logo.png">
```

M'kalata ya mnzanga muli izi:

```
<img src="cid:image001.png@01DA4B2C.7F3A9E10">
```

Ndafunsa mmene aliyense anaikira siginecha yake. Yanga inachokera ku fayilo ya HTML imene inakonzedwa n'kuikidwa mu foda yogawana, ndipo ambiri a ife tinangoikopera. Mnzangayo anayamba ntchito pambuyo pake, ndipo iye anapanga yake yekha mu Outlook poika zithunzizo chimodzichimodzi ndi batani loikira chithunzi.

Bambo Mbewe

Vuto lanu mayi laoneka poyera tsopano. Adiresi yoyamba ndi `file:///` siloza pa intaneti, ikuloza pa foda ya m'netiweki ya ofesi yanu. Anzanu a mu ofesi amaona chizindikirocho chifukwa makompyuta awo amafika pa seva imeneyo, ndipo inunso mumachiona m'makalata otumizidwa pa chifukwa chomwecho. Kasitomala ali kunja, seva yotchedwa dzina limenelo kwa iye kulibe. Mukafuna umboni wina, tsegulani kalata yanuyo pa foni muli kunja kwa ofesi, mupeza kuti chizindikirocho palibenso. Zimachitikanso kuti adiresi imaloza pa `C:\Users\` ya mwini kompyuta, ndipo pamenepo amene amaona chithunzi padziko lonse ndi wotumiza yekhayo.

Mwina mungafunse chifukwa chake Outlook sitenga yokha chithunzi pa seva n'kuchiika m'kalata potumiza. Kale inkatero. Kuyambira Outlook 2013, chithunzi chimene chalozeredwa ndi linki chimasiyidwa ngati linki pokhapokha mutaiuza zina, n'chifukwa chake maofesi ambiri anaona masiginecha amene ankagwira bwino ntchito akuyamba kufiira atangosintha Office. Pali malo mu registry ya Windows amene amabwezeretsa khalidwe lakale, ndipo pa Outlook 2016 ndi zobwera pambuyo pake ndi awa:

```
HKEY_CURRENT_USER\Software\Microsoft\Office\16.0\Outlook\Options\Mail
Send Pictures With Document  (DWORD) = 1
```

Komabe sindikulimbikitsani kuyamba ndi imeneyi, chifukwa iyenera kuikidwa pa kompyuta iliyonse, ndipo wina akalandira kompyuta yatsopano vutolo limayambiranso mwakachetechete. Njira yokhalitsa ndi kukonza siginecha yeniyeniyo. Lowani pamene mumakonzera siginecha, fufutani zithunzi zimene zilipo, muziikenso ndi batani loikira chithunzi, ndipo pa zenera losankhira fayilo muonetsetse kuti mwadina `Insert`, osati `Link to File`. Mukasunga, lembani izi pa adiresi ya File Explorer:

```
%APPDATA%\Microsoft\Signatures
```

Mupezamo mafayilo atatu a dzina la siginecha yanu, a `.htm`, `.rtf` ndi `.txt`, komanso foda ya dzina lomwelo yothera ndi `_files`. Zithunzi zanu ziyenera kukhala mu foda imeneyo, ndipo mukatsegula fayilo ya `.htm` mu Notepad, `src=` iyenera kuloza mu foda yomweyo, osati pa seva. Ngati mudzagawire anzanu siginecha yokonzedwayo, mudzakopere zinthu zinayi zonsezo pamodzi. Anthu ambiri amakopera fayilo ya `.htm` yokha n'kuiwala foda ya zithunzi, ndipo kamtanda kamabwereranso. Zonsezi ndikunena za Outlook yakale ya pa Windows. Outlook yatsopano ndi ya pa burawuza zimasunga masiginecha m'bokosi la makalata pa seva, choncho musadabwe mukapeza foda ija ili yopanda kanthu pa kompyuta imene ikugwiritsa ntchito yatsopanoyo.

Mayi Nachisale

Bambo Mbewe afotokoza bwino chimene chinayambitsa kamtandako, koma ndikudandaula kuti mankhwala awo akuchotsa mayi Nabanda pa vuto loyamba n'kuwaika pa vuto la mnzawo. Ine ndimagwira ntchito yolandira madandaulo a makasitomala, ndipo makalata onse amalowa mu pulogalamu imene imatsegulira dandaulo lililonse fayilo yake. Pulogalamu imeneyo imatenga chilichonse chimene chabwera ndi kalata ngati atachimenti. Nkhani ikakhala yaitali, ndimapeza mndandanda wa `image001.png`, `image002.png`, `image003.jpg` ndi ena otero wodzaza sikirini, ndipo chithunzi chenicheni chimene kasitomala anatumiza choonetsa katundu wowonongeka chimakhala ndi dzina la mtundu womwewo pakati pa tizizindikiro ta makampani. Ndimayenera kutsegula chimodzichimodzi kuti ndichipeze.

Taganizirani siginecha ya zithunzi zinayi ngati ya mayi Nabanda. Poyankha kalata, Outlook imatenganso zithunzi za m'makalata akale amene ali pansipo n'kuziphatikiza pa yatsopanoyo, moti ngati mbali zonse ziwiri zili ndi masiginecha otero, kalata ya nambala 10 ikhoza kunyamula mafayilo ofika 40. Kwa ine njira yabwino ndi kuika zithunzi pa webusaiti ya kampani n'kuzilozera ndi linki yoyamba ndi `https://`. Kalata imakhala yopepuka, ndipo palibe atachimenti imene ingaoneke chifukwa mulibe fayilo iliyonse m'kalatamo.

Bambo Gama

Pamenepa ndiye pabwerera mfundo yanga ija mayi Nachisale. Mukagwiritsa ntchito linki ya pa intaneti, aliyense amene akulandira kalata yanu koyamba mu Outlook adzaona kamtanda kofiira mpaka atavomereza, ndipo munthu amene mukumulembera koyambayo ndi amene mumafuna kuti akuoneni bwino. Ndikuvomereza kuti pa nkhani ya mayi Nabanda chifukwa chinali china, koma kuletsa kumene ndinanena kulipo ndithu.

Ndinawerengapo za njira yachitatu imene ikuoneka kuti imathetsa zonse ziwiri. Chithunzi chimasandutsidwa zilembo za base64 n'kulembedwa mkati mwenimweni mwa HTML, `src=` yake n'kumayamba ndi `data:image/png;base64,`. Palibe chokatenga pa intaneti, palibenso fayilo yapadera yoti ilendewere. Ndinayesa pa burawuza ndipo chinaoneka bwinobwino.

Bambo Mbewe

Pa mfundo yoyamba mukunena zoona bambo Gama, ndipo ndi mtengo weniweni wa njira ya linki. Gmail inayamba mu Disembala 2013 kuonetsa zithunzi za pa linki popanda kufunsa, chifukwa imazidutsitsa kaye pa maseva ake, koma Outlook ya pa kompyuta ndi Thunderbird zimaletsabe mpaka wolandira atavomereza.

Njira ya `data:` imagwira pa burawuza monga mwaonera, koma burawuza si pulogalamu ya imelo. Gmail sionetsa zithunzi zolembedwa chonchi m'makalata amene yalandira, ndipo Outlook yakale ya pa Windows, imene kuyambira 2007 imagwiritsa ntchito Word poonetsa HTML, siyodalirika nazo. Mapulogalamu ena amasandutsa chithunzi chotere kukhala cha `cid:` asanatumize, ndiye munthu amaganiza kuti njirayo yagwira pamene kwenikweni wabwerera ku njira yoyamba ija. Sindingailangize kwa ofesi imene imalembera anthu osiyanasiyana.

Tsopano ndiyankhe za mnzawo wa mayi Nabanda, chifukwa m'pofunika kumvetsa kuti siginecha yake inapangidwa molondola, ndipo ambiri amene amawalembera akuiona bwino. Chithunzi cha `cid:` n'chimodzimodzi ndi atachimenti ina iliyonse pa kayendedwe kake. Chimene chimachisiyanitsa ndi zinthu zitatu. Chili ndi nambala yochizindikiritsa, chili ndi mawu onena kuti chioneke mkati mwa kalata, ndipo chaikidwa m'chigawo chimodzi ndi HTML imene ikuchitchula. Mukatsika pansi pa `Show original` ya kalata ya mnzanuyo mupeza zofanana ndi izi:

```
Content-Type: image/png; name="image001.png"
Content-Disposition: inline; filename="image001.png"
Content-ID: <image001.png@01DA4B2C.7F3A9E10>
```

Zimene zili pa `Content-ID` ziyenera kufanana ndendende ndi zimene zili pambuyo pa `cid:` mu HTML. Ndipo kalata yokhala ndi siginecha komanso invoisi ya PDF, ikamangidwa bwino, imakhala motere:

```
multipart/mixed
  multipart/related
    multipart/alternative
      text/plain
      text/html
    image/png
  application/pdf
```

Chigawo cha `multipart/related` ndi chimene chimauza pulogalamu ya wolandira kuti chithunzichi ndi mbali ya kalata, pamene PDF ili kunja kwake ngati katundu wapadera. Chilichonse chimene chingaphwanye dongosolo limeneli chimasandutsa chithunzi kukhala atachimenti. Wolandira akasankha kuwerenga makalata ngati mawu okhaokha, HTML imatayidwa, palibenso chotchula zithunzizo, ndipo zimaoneka pamndandanda wa maatachimenti, nthawi zina m'mawumo n'kutsala `[cid:image001.png@01DA4B2C.7F3A9E10]`. Seva yofufuza mavairasi kapena yowonjezera mawu a chenjezo pansi pa kalata ikamasula kalata n'kuimanganso, ikhoza kuika zithunzi m'chigawo cholakwika kapena kusintha `inline` kukhala `attachment`. Ndipo pali mapulogalamu, ngati imene mayi Nachisale amagwiritsa ntchito, amene sasamala n'komwe za kusiyanaku.

Kuti mudziwe pamene paphwanyikira, yerekezerani makalata awiri: imene inafika ku Gmail yanu ndi imene inafika kwa wodandaulayo. Mupempheni akutumizireni kalatayo ngati atachimenti, asangodina `Forward` wamba, chifukwa kutumiza wamba kumamanganso kalata ndipo umboni umafufutika. Ngati dongosolo lili bwino kwa onse awiri, vuto lili pa mmene pulogalamu yake imaonetsera. Ngati kwa iye lasintha koma ku Gmail lili bwino, yasintha ndi seva ya kwawo. Ngati lasintha konsekonse, fufuzani seva ya kwanu.

Bambo Tembo

Tsopano ndamva zimene zikukambidwa, ndipo ndazindikira kuti inenso zimandichitikira. Ndikayankha kalata ya ku ntchito pa iPhone, anzanga amanena kuti m'munsi mwa yankho langa, pamene panali zizindikiro zawo, pamangotsala mawu ngati `<image001.png>`. Kodi chimenechi ndi chimodzi mwa zimene mwafotokozazi?

Mayi Nachisale

N'zapachibale bambo Tembo, koma apa zachitika mosemphana. Pulogalamu ya Mail ya pa iPhone, poyankha kalata, imasiya maatachimenti a kalata yoyamba, ndipo popeza zithunzi za `cid:` ndi maatachimenti, nazonso zimatsala, n'kungolembedwa dzina pamalo pake. Pa zokonzera za Mail pali `Include Attachments with Replies`, pamene mungasankhe kuti zizipita nawo. Koma dziwani kuti mukatero mafayilo enieni amene munthu anakutumizirani azibwereranso kwa iye pa yankho lililonse. Ineyo ndingangozisiya, popeza chimene chawonongeka ndi siginecha ya m'kalata yakale imene aliyense anaiwerenga kale. Onani kuti chithunzi cha pa linki sichikumana ndi zimenezi, chifukwa adiresi yake ndi mawu chabe ndipo imapita nawo pa yankho.

Bambo Mbewe

Zoona mayi, koma tiwauzenso mayi Nabanda zimene linki imafuna kuti isawabwezere ku kamtanda kofiira. Adiresiyo iyenera kutseguka kwa aliyense popanda kulowa ndi pasiwedi, ndipo iyenera kubweretsa chithunzi chenichenicho. Linki yogawira fayilo ya pa malo osungira zinthu pa intaneti kawirikawiri imabweretsa tsamba lokhala ndi chithunzi pakati pake, ndipo pulogalamu ya imelo singaike tsamba pamalo pa chithunzi. Poyesa, tsegulani zenera lachinsinsi la burawuza pa kompyuta imene sili pa netiweki ya ofesi, muikemo adiresiyo. Pakaoneka chithunzi chokhachokha zili bwino, pakaoneka mabatani kapena pempho la pasiwedi ndiye kuti sizigwira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi. Chithunzi cha `cid:` chikafika chafika, ndipo kalata ya zaka zisanu zapitazo imaonekabe monga inalili. Chithunzi cha pa linki chimadalira kuti adiresiyo ikhalebe yamoyo. Tsiku limene webusaiti idzakonzedwenso n'kusintha mafoda, makalata onse akale amene ali m'mabokosi a makasitomala adzafiira nthawi imodzi, ndipo okonza webusaiti sadziwa n'komwe kuti foda inayake imadaliridwa ndi imelo.

Mayi Nachisale

Zimenezo zimatheka kupewa bambo. Zithunzi za siginecha zimapatsidwa foda yakeyake pa webusaiti, n'kulembedwa m'malangizo kuti isasunthidwe. Chizindikiro chikasintha, chatsopanocho chimapatsidwa dzina latsopano ndipo chakale chimasiyidwa pomwepo, kuti makalata akale asasinthe maonekedwe, komanso chifukwa Gmail imasunga kope la chithunzi ndipo ikhoza kupitiriza kuonetsa chakale ngati dzina silinasinthe. Kenako pa chithunzi chilichonse pamalembedwa `alt`, `width` ndi `height`, kuti chikaletsedwa wolandira aone dzina la kampani m'kabokosi ka msinkhu woyenera, osati bokosi lalikulu lokankhira mawu pansi. Kusunga foda imodzi ndi ntchito yochepa poyerekeza ndi mtolo umene mumasenzetsa aliyense wolandira makalata anu.

Mayi Nabanda

Ndabwera ndi zotsatira. Ndinatsatira njira ya bambo Mbewe poyamba chifukwa webusaiti yathu imayendetsedwa ndi anthu akunja ndipo sindingaikepo foda lero. Nditaikanso zithunzi ndi `Insert`, kalata yoyesera inafika ku Gmail ndi `cid:`, ndipo kasitomala uja watsimikiza kuti chizindikiro chikuoneka popanda kudina chilichonse.

Ndikuchita zimenezi ndinaona kuti fayilo ya chizindikirocho inali ya makilobaiti 300 ndipo m'lifupi mwake munali mapikiselo oposa 2000, pamene m'siginecha chimaoneka pa mapikiselo 200 okha. Kalata yopanda mawu ena alionse inali ya makilobaiti oposa 400. Ndachichepetsa kufika pa mapikiselo 400 m'lifupi kuti chizionekabe bwino pa masikirini akuthwa, ndipo tsopano ndi cha makilobaiti osakwana 30. Potsatira dandaulo la mayi Nachisale, tizithunzi titatu tija ndatichotsa n'kuikapo mawu okhala ndi linki, ndipo pa `Replies/forwards` ndasankha siginecha ina ya mawu okhaokha, kuti chithunzi chizipita pa kalata yoyamba yokha.

Chatsala ndi munthu uja anafunsa za invoisi. Ananditumizira kalata ya mnzanga ngati atachimenti, ndipo ndaona kuti `multipart/related` ilipo, `inline` ilipo, `Content-ID` ikufanana ndi ya mu HTML. Komabe iye akuti ngakhale pa siginecha yatsopanoyi akuona `image001.png` pambali pa invoisi, ngakhale kuti chizindikirocho chikuonekanso m'malo mwake m'kalatamo.

Bambo Mbewe

Za kukula kwa kalata, kusiyanako ndi koyembekezeka: mafayilo amayenda mu imelo atasandutsidwa base64, imene imalemba mabaiti atatu alionse ndi zilembo zinayi, choncho makilobaiti 300 amasanduka pafupifupi 400. Mwachita bwino kuchepetsa. Musungebe chizindikirocho ngati PNG kapena JPG, musavomere wina akakupatsani SVG, chifukwa mapulogalamu ambiri a imelo saionetsa.

Za munthu wa invoisiyo, zimene mwapezazo zikusonyeza kuti kalata inafika yathunthu, ndipo pulogalamu yake yangosankha kuonetsa chithunzicho pawiri. Mawu akuti `inline` ndi pempho chabe kwa pulogalamu ya wolandira, si lamulo. Palibe chimene mungalembe m'kalata chimene chingaikakamize kubisa fayiloyo. Kwa wolandira wotereyu njira zotsala ndi linki kapena siginecha yopanda chithunzi.

Mayi Nachisale

Ndiye mwafika pa mfundo yanga bambo Mbewe. Ngati pali olandira amene `cid:` singawakomere ngakhale itamangidwa bwino chotani, bwanji osangosamukira ku linki onse?

Bambo Mbewe

Chifukwa palinso olandira amene linki singawakomere ngakhale itakonzedwa bwino chotani, monga ananenera bambo Gama, ndipo m'maofesi ena oyang'anira makompyuta amatseka kukopera zithunzi moti wogwira ntchito sangavomereze n'komwe. Funso ndi lakuti mayi Nabanda amalembera kwambiri anthu a mtundu uti. Ngati ambiri ali pa Outlook ya pa kompyuta m'makampani ena, ine ndingakhale pa `cid:` ndi chithunzi chimodzi chaching'ono. Ngati ambiri ali pa Gmail ndi pa mafoni, kapena makalata amalowa m'mapulogalamu ngati anuwo mayi, linki ili ndi mwayi woposa.

Bambo Gama

Mayi Nabanda, musanasankhe, mufunseni munthuyo ngati fayiloyo imaonekanso pa kalata imene ilibe PDF. Ndinaonapo pulogalamu imene imabisa zithunzi za siginecha pamene kalata ilibe atachimenti ina, koma pakakhala atachimenti yeniyeni imatulutsa mndandanda wa mafayilo onse pamodzi. Ngati zili choncho kwa iye, ndiye kuti vuto likukhudza makalata a mainvoisi okha, ndipo ku dipatimenti yotumiza mainvoisi kokha n'kumene kungafunike siginecha yopanda chithunzi.

Mayi Nabanda

Ndimutumizira makalata awiri mawa, ina yokhala ndi PDF ina yopanda, ndipo ndimufunsanso dzina la pulogalamu imene amawerengera makalata. Pakadali pano ndauza mnzangayo kuti potumiza mainvoisi kwa munthu ameneyu azisankha siginecha ya mawu okhaokha. Mayi Nachisale, ngati n'kotheka mundilembere ndendende zimene munauza okonza webusaiti yanu za foda ya zithunzi ija, chifukwa ndikufuna kukafunsa a kwathu ngati angavomere kuisunga osaisuntha tisanaganize zoyesa linki pa dipatimenti imodzi.